Ndachotsa "eee" yense, koma agogo akumveka ngati akuthamangitsidwa

"Zikomo akulu. Ndine mnyamata wa ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndinayamba podikasiti yocheza ndi alimi achikulire za ulimi wakale. Mwezi watha ndinajambula agogo ena a kufupi ndi Katete, macheza a mphindi 48. Anali ndi 'eee' wambiri, komanso ankakhala chete nthawi yaitali. Ndinalowetsa mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, ndinagwiritsa chida chofupikitsa malo a chete chotchedwa Truncate Silence osasintha manambala, kenako ndinadula 'eee' aliyense pamanja. Zatsala mphindi 31, koma amayi anga atamva anati agogowo akumveka ngati akuthamangitsidwa ndi galu, ndipo ine ndikumveka wamwano. Ndalakwitsa pati? Ndimafuna zifupike chifukwa anthu amadandaula za bandulo."

Achimwene, mtima pansi. Ngati fayilo yoyamba ija ya mphindi 48 mudakali nayo, palibe chimene chawonongeka kupatula tsiku limene munathera pa laputopu. Ndipo amayi anu muwathokoze, ali ndi khutu labwino. Ine ndagwira ntchito yokonza mawu pa wayilesi zaka zambiri, ndipo pulogalamu yanga yoyamba ndinaimeta chimodzimodzi. Mkulu wanga pa ntchito anamvetsera mphindi imodzi yokha n'kundifunsa kuti, "Kodi bamboyu amapuma nthawi yanji?"

Ndiyambe ndi za bandulo, chifukwa ndi zimene zakukankhirani kudula mopyola. Kukula kwa fayilo sikudalira kutalika kwa macheza kokha. Potulutsa MP3, mukasankha 128 kbps, mphindi 31 zimadya pafupifupi 30 MB. Mukasankha 64 kbps ndi Mono, mphindi 40 zimadya pafupifupi 19 MB, ndipo mawu a anthu awiri ocheza amamveka bwinobwino pa foni. Mwaona kuti yaitaliyo ndi imene yapepuka? Choncho bandulo ya omvera muisamale potulutsa fayilo, mpweya wa agogo muusiye.

Tsopano vuto lenileni. Inu mwatenga kukhala chete konse ngati chinthu chimodzi, ndi "eee" yense ngati chinthu chimodzi, pamene pakamwa pa Mchewa zimenezi zili ndi ntchito zosiyanasiyana. Pali "eee" wa munthu amene akufunafuna mawu, ameneyo ndi zinyalala zoti n'kusesa. Koma palinso "ee" wovomera, amene ndi yankho lathunthu. Pali "aa!" wokana kapena wodabwa. Pali "eya", "ehe", "zoona" amene inu wofunsa mumaponyamo kuti wolankhula adziwe kuti muli naye, monga momwe ana amayankhira "tili tonse" pa nthano. Pa chithunzi cha mawu pa kompyuta zonsezi zimaoneka ngati kachotupa kamodzimodzi. Maso sangazisiyanitse, khutu ndi limene limatha.

Kukhala chete nakonso n'chimodzimodzi. Kwina munthu akukoka mpweya. Kwina wamaliza ganizo ndipo akukupatsani mpata woti limire. Kwina akukumbukira chaka. Kwina nkhani yamukhudza pamtima. Ndiye pali kukhala chete kwa ulemu, kumene kuli pakati pa mawu omaliza a munthu wamkulu ndi mawu oyamba a mwana. Pano ndi pamene mwano umene amayi anu aumva wachokera. Tsiku lojambula munadikira agogo amalize, munameza malovu, kenako munafunsa. Truncate Silence yafinya mpata umenewo, ndipo tsopano funso lanu likugwera pa mawu awo asanazizire. Kumudzi mwana wochita zimenezo amamufunsa kuti analeredwa ndi ndani.

Tiyeni tione chimene chida chija chinachita. Mukachitsegula osasintha kanthu, Threshold imakhala pa -20 dB, Duration pa 0.5, ndipo Truncate to pa 0.5. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chotsika mphamvu kuposa -20 dB chimatengedwa ngati chete, ndipo chete aliyense wopitirira theka la sekondi amadulidwa kuti akhale theka la sekondi. Mavuto ndi awiri. Loyamba, -20 dB ndi pamwamba kwambiri kwa munthu wachikulire wolankhula motsitsa. Mpweya wake wonse umagwera pansi pa muyezo umenewo, ndipo kumapeto kwa chiganizo, kumene Chichewa chimatsitsa mawu, mavawelo omaliza amatha kudyedwa nawo. Mawu oyamba ndi kaphokoso ka m'mphuno monga "mbewu", "m'munda", "nkhokwe" nawonso amayamba mofewa, ndiye mutu wake ungadulidwe n'kutsala "bewu". Lachiwiri, mipata yonse yakhala yofanana. Munthu salankhula ngati wotchi. Mipata ikafanana, womvera sadziwa pamene ganizo lathera ndi pamene langopumira, ndipo amatopa msanga ngakhale pulogalamu ndi yaifupi.

Sindikunena kuti chidacho n'choipa. Pa Action sinthani musankhe Compress Excess Silence. Iyi siidula mipata kuti ifanane, koma imafupikitsa gawo lokhalo lopitirira Duration. Mwachitsanzo, ikani Duration pa 1 ndi Compress to pa 40. Mpata wa masekondi 5 uli ndi masekondi 4 opitirira, ndipo 40 peresenti ya 4 ndi 1.6, ndiye utsala 2.6. Mpata wa masekondi 2.5 utsala 1.6. Mpata wosafika sekondi imodzi suukhudza n'komwe. Wautali wakhalabe wautali kuposa mnzake, ndipo kayendedwe ka mawu a agogo sikanasokonekere.

Threshold musaiganizire pamutu, muiyeze. Sankhani kagawo kamene palibe akulankhula, kaseweretseni, muyang'ane mita ya pamwamba ikufika pati. Ikamafika cha m'ma -50, ikani Threshold cha m'ma -42, kuti ikhale pamwamba pa kaphokoso ka malowo koma pansi pa mawu ofewetsetsa a agogo. Koma ngati munajambula mvula ikugunda pa malata kapena chigayo chikulira pafupi, mita ikusewera cha m'ma -30, chidachi chisiyeni. Sichingasiyanitse chigayo ndi kunong'ona kwa munthu, ndipo ntchito yonse muyenera kuigwira pamanja. Chenjezo lina: ngati mawu anu ndi a agogo anajambulidwa padera, aliyense pa mzere wake mu Audacity, sankhani mizere yonse iwiri ndipo pa Truncate tracks independently musachongepo, apo ayi mafunso ndi mayankho zidzasemphana. Podula pamanja, yatsani Sync-Lock Tracks pa chifukwa chomwechi.

Kunena zoona, ine pa macheza ndi achikulire chidachi sindichigwiritsa ntchito kawirikawiri. Ndimayamba ndi kumvetsera zonse osadula kalikonse, ndikudina `Ctrl+M` kuika chizindikiro pamene pali zazikulu zoti zichoke: pamene foni inalira, pamene mdzukulu anabwera kudzapempha makiyi, pamene agogo anabwereza nkhani imene anainena kale. Mudzadabwa kuti mphindi zambiri zimachoka pamenepa. Pa mphindi 48 zanuzo, si zachilendo kupeza mphindi 6 kapena 7 za mtundu umenewu. Kudula "eee" 200 a theka la sekondi kumangokupatsani masekondi 100, osafika n'komwe mphindi ziwiri, koma kumakusiyirani zipsera 200. Werengerani nokha kumene kuli phindu.

Tiyeni tigwire kachigawo kamodzi limodzi. Macheza anu sindinawamve, ndiye ndipeka kofanana ndi zimene alimi a kuno amanena. Tinene kuti agogo akuti:

"Ife kale, eee... (masekondi 2.5) nshawa za mbewu sitinkaswa ayi. Chalimbana tinkasunga ndi makoko omwe mu ujeni, mu... m'nkhokwe. (masekondi 4) Koma chilala cha 1992 chija... (masekondi 5) aa, tinadya ndi mbewu yomwe."

Poyamba pali "kale, eee". Apa pali msampha umene aliyense wokonza mawu a Chichewa ayenera kuudziwa. Mawu athu amathera pa vawelo, ndiye "eee" sayima payekha, amamatirira ku mawu a m'mbuyo. Agogo sananene "kale" n'kuima, ananena "kaleee". Mukayang'ana pa kompyuta simupeza mpata pakati. Mukadula "eee" yense, "le" amatsala wothothoka ngati munthu wamutseka pakamwa. Njira yake n'kusiya "e" wa "kale" autali wokwanira, n'kudula mchira wokhawo, kenako pa kachidutswa kakang'ono ka kumapeto kwake muikepo Fade Out kuti mawu azime okha. Ngati liwu linakwera pa "kale", kusonyeza kuti chiganizo chikupitirira, mpata wotsatira usachoke wonse. Pa masekondi 2.5 aja ndingasiye pafupifupi 0.6. Ndipo podula mpata, dulani pakati pake. Kumayambiriro kuli mchira wa mawu apitawo, kumapeto kuli mpweya umene agogo akukoka asananene "nshawa". Mpweya umenewo ndi wa chiganizo chimene chikubwera, muusiye wathunthu. Mpweya wodulidwa pakati umamveka ngati ntchilikwi, ndipo ndi chizindikiro choyamba chimene ife a ntchitoyi timazindikirira kuti pano padutsa mpeni.

Chachiwiri ndi "mu ujeni, mu... m'nkhokwe". Apa mungadule mosaopa, chifukwa agogo anangophunthwa n'kudzikonza okha. Lamulo langa pa chiganizo choyambidwa kawiri n'lakuti ndimasunga kuyamba komaliza, chifukwa ndi kumene kumalumikizana ndi mawu otsatira. Ndiye chotsani kuyambira pamapeto a "omwe" mpaka "m'nkhokwe" asanayambe, kuti zimveke "ndi makoko omwe m'nkhokwe". Samalani "m'" uja, ndi wofewa ndipo pa chithunzi amaoneka ngati palibe kanthu. Kulitsani chithunzi ndi `Ctrl+1` mpaka mumuone. Malo osavuta kudula ndi pamene mawu otsatira akuyamba ndi p, t, k, ph, th kapena kh, chifukwa pakamwa pamatseka kaye kanthawi kochepa mawuwo asanaphulike, ndipo kampata kameneko kamabisa chipsera. Malo ovuta ndi pakati pa mavawelo awiri.

Musanadine `Delete`, chitani zinthu ziwiri. Dinani `Z`, imene imasunthira malire a chimene mwasankha pamalo pamene funde la mawu likudutsa pa ziro, kuti pasamveke ka "thi" polumikiza. Kenako dinani `C`, imene imakuseweretserani masekondi awiri a m'mbuyo ndi sekondi imodzi ya kutsogolo ngati kuti mwadula kale. Zikamveka bwino, dulani. Zikakana, sunthani malire pang'ono muyesenso. Zikakana katatu, "ujeni" ameneyo musiyeni, wapambana. Palibe womvera amene anazimapo podikasiti chifukwa cha "ujeni" mmodzi.

Chachitatu ndi masekondi 4 pambuyo pa "m'nkhokwe". Apa ganizo latha ndipo lina likubwera. Mudzamva kuti agogo atalikitsa "nkho", monga timachitira pa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto tikamatseka mawu, ndipo liwu latsika. Kutalikitsa kumeneku kumauza khutu la Mchewa kuti pakubwera mpumulo. Mukalumikiza "Koma" pomwepo, khutu limamva kuti lanamizidwa. N'chifukwa chake simungasandutse mapeto a chiganizo kukhala pakati pa chiganizo ndi mpeni wokha. Apa ndingasiye sekondi imodzi kapena 1.2.

Chachinayi ndi masekondi 5 pambuyo pa "chilala cha 1992 chija". Amenewa ndingawasiye pafupifupi onse, mwina kuchotsapo sekondi imodzi basi. Munthu akukumbukira njala. Womvera wa ku Chadiza kapena ku Petauke amene anaiona njala imeneyo akufunika mpata womwewo kuti akumbukire yake. Ndipo "aa" wotsatirayo si zinyalala. Mukamuchotsa, "tinadya ndi mbewu yomwe" imamveka ngati lipoti la mlangizi, pamene agogo ananena modandaula. Ndiye pa kachigawo konseka tadula "eee" mmodzi, "ujeni" mmodzi, tafupikitsa mipata itatu mosiyanasiyana, ndipo tapulumutsa masekondi 7 kapena 8. Agogo akadali agogo.

Manambala ndatchulawa ndi a khutu langa, si malamulo. Mnyamata wa m'tauni wolankhula mothamanga, wa "so" ndi "manje" pa chiganizo chilichonse, mipata yake ndi yaifupi kale, ndipo mukampatsa ya agogo amveka ngati wadwala. Mvetserani mphindi imodzi imene munthuyo analankhula bwino osaphunthwa, muyeze mipata yake ya pamenepo, ndiyo ikhale muyezo wanu pa iye. Pa mawu amene munthu anazolowera, monga "ndiye kuti", "mwaona eti", "basi", ine ndimachotsa pamene aunjikana, awiri kapena atatu motsatizana, ndipo ena ndimawasiya. Ndi amene amapangitsa achibale ake kuti akamva anene kuti amenewa ndi iwowo. Pakati pa agogo ndi funso lanu siyani mpata wosachepera sekondi imodzi, ndipo malonje a poyamba musawamete. Mungafupikitse, koma "muli bwanji" ndi yankho lake zimveke.

Pali cholakwa china chimene ndikuganiza kuti mwina munachichita, chifukwa oyamba kumene ambiri amatero: kusankha "eee" n'kudina `Ctrl+L`, imene imazimitsa mawu osafupikitsa nthawi. Vuto n'lakuti kulibe malo opanda phokoso. Pakhonde pa agogo panali kamphepo, nkhuku, ana patali. `Ctrl+L` imazimitsa zonsezo, ndipo pa mahedifoni zimamveka ngati mwagwera m'dzenje n'kutulukamo. Mankhwala ake ndi kukopa kagawo ka chete weniweni wa pakhondepo n'kumata pamalo pa "eee". Pa ulendo wotsatira, musanazime chojambulira, pemphani onse akhale chete masekondi 30. Agogo adzakusekani, koma masekondi amenewo ndi chigamba chimene muzisokera nacho pulogalamu yonse. Chigamba chomwechi ndi chimene mungabwezeretsere mipata mu ya mphindi 31 ija, ngakhale ine ndikanakonda muyambirenso pa fayilo yoyamba. Kubwezera mipata mazana pamanja n'kochedwa kuposa kudula mwatsopano.

Phokoso la kumbuyo ndi limenenso limaulula zipsera. Njinga yamoto ikamadutsa pamene agogo akuti "eee", mukadula, njingayo imadumpha kapena kuzimirira mwadzidzidzi. Tambala amatsala pakati pa kulira. Pamalo otere, kaya musadule, kaya chotsani chiganizo chonse, kaya lumikizani ndi Crossfade Clips kuti phokoso lina lilowe mwa linzake pang'onopang'ono. Nyimbo ya pansi muiike pomaliza, kudula konse kutatha, apo ayi ng'oma izidumpha pa chipsera chilichonse.

Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimene si cha makina. Tinene kuti munafunsa ngati mbewu zatsopano n'zabwino, ndipo agogo anati, "Mmm... eee... kaya, n'zabwino." Mukasesa zonse n'kusiya "n'zabwino", mwawanamizira. Kukayika kwawo kunali yankho. Pa nkhani za malo, ufumu, mitengo ya mbewu kapena ngongole, mpeni wanu ungaike munthu m'mavuto kumudzi kwake. Dzifunseni ngati mwini mawu atamva angavomere kuti ndi zimene ankatanthauza. Ngati mlendo wanu ali ndi chibwibwi, mufunseni mwini wake ngati akufuna muchepetse kapena musiye, osamuganizira.

Mukamaliza, musatulutse tsiku lomwelo. Khutu likamva chiganizo chimodzi kakhumi limazolowera ndipo limavomera chilichonse. Mawa lake mvetserani pa mahedifoni maso ali kumbali, osayang'ana kompyuta, chifukwa maso akaona pamene munadula amauza khutu kuti limve chipsera ngakhale palibe. Kenako mvetserani pa kasipika ka foni, mmene omvera anu ambiri adzamvere. Yeso limene ndimalikhulupirira kwambiri ndi ili: yesani kulankhula motsatira agogo, mawu ndi mawu, mokweza. Pamene mpweya ukukutherani iwo akupitirira, pamenepo mwadula mopyola. Bwezeranipo chigamba.

Pali zina zimene kudula sikungachize. Ngati munajambula ndi foni imodzi ndipo "eya" wanu akugwera pamwamba pa mawu a agogo, simungamuchotse popanda kuwadula iwo. Phunzirani kugwedeza mutu m'malo moyankhira, ngakhale n'zovuta kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uzivomera. Ine ndimawauziratu kuti, "Agogo, ndikakhala chete si mwano, ndi makinawa." Ngati mawu anang'ambika chifukwa maikolofoni inali pafupi kwambiri, kapena munajambulira m'kalasi yopanda kanthu ndipo mawu akubwerera m'makoma, chipsera chilichonse chizimveka chifukwa mchira wa mawuwo ukudulidwa. Zikatere tengani fayilo yoyamba, osati ya MP3 imene mwaikonza kale, mupite nayo kwa wokonza mapulogalamu wodziwa. Kuno ku Chipata tili ndi mawayilesi monga Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo anthu ogwira ntchito yotere m'tauni muno alipo. Pemphani mukhale pambali pake ola limodzi akukonza mphindi zisanu za macheza anu, muone pamene akuika mpeni ndi pamene akuubweza. Akakuuzani kuti gawo lina silingapulumuke, Katete si kutali. Gulani shuga ndi sopo, mukwere basi, mukawapemphe agogo akufotokozereninso za Chalimbana.